Achimwene alandira kalata ya ku banki: kodi nyumba ija yapita?

Nachisale: Moni nonse m'gulu muno. Ndili ndi nkhani ya achimwene anga, andilola kuti ndifunse koma osawatchula. M'chaka cha 2021 adagula nyumba ku Area 49 pa ngongole ya ku banki, ya mogeji ija. Nyumba inali ya K50 miliyoni, iwo adapereka K10 miliyoni ya dipoziti, banki idaonjezera K40 miliyoni yoti abweze pa zaka 15. Alipira bwinobwino zaka zitatu. Kenako ntchito idatha, pano yakwana miyezi isanu osapereka kanthu. Kwabwera kalata yochokera kwa maloya a banki yoti akapanda kulipira m'miyezi itatu nyumba igulitsidwa. Mafunso anga ndi awa. Akailanda, dipoziti ija abwezeredwa? Nanga ndalama zonse alipira zaka zitatuzi zangolowa m'madzi? Chachitatu ndiye chikundisowetsa tulo: akuti tikapereke nyumba ya amayi ya ku Zomba ngati chikole china kuti banki iwapatse mpata.

Kondwa: Pepani achemwali. Koma chilungamo chake nyumba ya mogeji si yako mpaka utamaliza kulipira, imakhala ya banki. Iwe umangokhala ngati wa lendi. Ndiye akuitenga nyumba yawo basi, dipoziti iwalani.

Anambewe: A Kondwa, pamenepo mwalasa theka. Ndagwira ntchito zaka zambiri ku gawo la ngongole ndisanapume, ndiye ndiloleni ndikonze. Nyumbayo ndi ya achimwene a Nachisale. Mukapita ku kaundula wa za malo ku Lilongwe n'kukachita sechi, dzina la mwini lomwe lituluke ndi lawo, osati la banki. Chomwe banki ili nacho ndi chaji yomwe idalembedwa pa taitolo yomweyo. Chajiyo imanena kuti malowa ali ndi ngongole yakutiyakuti, sangagulitsidwe kapena kusinthidwa dzina banki isanavomere, ndipo ngongole ikakanika banki ili ndi mphamvu yowagulitsa kuti ipeze ndalama zake. Chikole chake ndi chimenecho. Banki siifuna nyumba, ilibe nayo ntchito. Ikufuna ndalama zake, ndipo zikatsala pamwamba si zake.

Kondwa: Nanga bwanji mapepala a nyumba amasunga ndi iwowo?

Anambewe: Amasunga, inde, kuti mungapite nawo kwina n'kukakongolanso. Koma kusunga pepala si umwini. Mukamaliza ngongole amasainira kuti chaji ifafanizidwe ku kaundula, pepala lija n'kukubwezerani. Sipakhala kugulanso kapena kusintha dzina chifukwa dzina linali lanu kale.

Nachisale: Zikomo amayi. Ndiye dipoziti ija ili kuti?

Anambewe: Siili ku banki. Ambiri amaiyesa ngati dipoziti ya nyumba ya lendi, yomwe alandilodi amasunga n'kukubwezera ukamatuluka. Iyi ayi. K10 miliyoni ija idapita kwa amene adagulitsa nyumba, pamodzi ndi K40 miliyoni ya banki, kukwanitsa mtengo wa K50 miliyoni. Tinene kuti idasanduka njerwa. Banki imaumirira dipoziti pa zifukwa ziwiri. Choyamba, munthu amene waikapo zake sathawa msanga. Chachiwiri ndi chachikulu: nyumba yogulitsidwa mokakamiza siipeza mtengo wake weniweni. Akakongoza K50 miliyoni yonse pa nyumba ya K50 miliyoni, zinthu n'kuvuta chaka chomwecho, pa okushoni atha kupeza K40 miliyoni yokha, banki n'kuluza. Dipoziti ndiyo imatseka mpata umenewo. N'chifukwa chake wowerengera mtengo wa nyumba amalemba mitengo iwiri mu lipoti lake, wa pamsika ndi wa kugulitsa mokakamiza, ndipo maso a banki amakhala pa wachiwiriwo.

Ndiye yankho ndi loti palibe amene adzawabwezere dipoziti ngati dipoziti. Idzabwera, ikabwera, mkati mwa ndalama zotsala nyumba ikagulitsidwa ngongole n'kuchotsedwa.

Che Saidi: Ine nkhani yanga ndi yofanana. Ndili ndi malo ku Mangochi, ndidamangapo nyumba ya zipinda zinayi, malata a mtundu wabwino, kalata ya amfumu ilipo yodinda chidindo. Ndidapita nayo ku banki kufuna K6 miliyoni yokha ya bizinesi ya usipa, adandibweza. Nyumba yoposa K30 miliyoni! Mabankiwa amangothandiza okhaokha.

Malume Jere: Che Saidi, yanuyo ndi ina. Mwana wa eni akulira nyumba ikupita, inu mukudandaula kuti sadakukongozeni. Mwina adakupulumutsani.

Anambewe: Ndi ina, koma ikuthandiza kumvetsa chikole. Che Saidi, sadakane nyumba yanu, adakana pepala. Kalata ya amfumu ilibe tsamba ku kaundula wa boma, ndiye chaji ailemba pati? Ndipo zikavuta agulitsa chiyani, kwa yani, abale a pamudzi ataima pakhomo? Banki imafuna taitolo yolembetsedwa, kawirikawiri lizi, ndipo malizi ambiri a nyumba zokhalamo amakhala a zaka 99. Ngakhale kalata yongokupatsa poloti yochokera ku khonsolo kapena ku Malawi Housing Corporation si taitolo. Imafunika kuitsatira mpaka lizi itatuluka. Komanso pa lizi pamafunika chilolezo cha mwini nthaka chaji isanalembedwe, ndipo amayamba aona ngati msonkho wa malo ulibe ngongole.

Che Saidi: Chabwino ndamva. Koma ndidzabweranso ndi yanga.

Nachisale: Tibwerere kwa achimwene. Chomwe chikuwapweteka kwambiri ndi sitetimenti. Akuti atawerengera zomwe apereka zaka zitatu zadutsa K20 miliyoni, koma pa pepala ngongole yeniyeni ikadali K38 miliyoni. Angochotsa K2 miliyoni? Iwo akuti abedwa.

Kondwa: Ndi katapila wovala tayi ameneyo.

Anambewe: Zimapweteka, koma sadabedwe, ndipo mutha kuwerengera nokha pa foni. Adayamba pa chiwongoladzanja cha bwanji?

Nachisale: Ndawafunsa, akuti 15 peresenti. Ankapereka pafupifupi K560,000 pamwezi. Asanasiye inali itafika K920,000.

Anambewe: Zikugwirizana. Tengani K40 miliyoni, 15 peresenti yake pachaka ndi K6 miliyoni. Gawani pa miyezi 12, mupeza K500,000. Ndiye pa K560,000 yomwe adapereka mwezi woyamba, K500,000 idali chiwongoladzanja, K60,000 yokha ndiyo idadula ngongole. Mwezi wotsatira chiwongoladzanja amawerengera pa ndalama yotsala, yomwe yatsika pang'ono chabe, ndiye zimakhala pafupifupi chimodzimodzi. Zaka zoyamba umakhala ukudyetsa chiwongoladzanja, ngongole yeniyeni imayamba kugwa mooneka cha kumapeto. Ngakhale zinthu zikadakhala osasintha, pakutha zaka zitatu akadapereka K20 miliyoni n'kutsala ndi ngongole ya K37.3 miliyoni.

Koma zinthu zidasintha. Ngongole za nyumba kuno chiwongoladzanja chake sichikhazikika. Mu mgwirizano amalemba kuti ndi refarensi reti, yomwe imalengezedwa mwezi ndi mwezi, kuphatikizapo kenakake pamwamba. Refarensiyo imatsatira kwambiri chiwongoladzanja cha Reserve Bank. Mu 2021 cha Reserve Bank chinali 12 peresenti. Mu 2022 chidakwera kufika 14, kenako 18. Mu 2023 chidafika 22, kenako 24, ndipo mu Febuluwale 2024 chidafika 26. Achimwene anu sadasaine pepala lina lililonse, koma ngongole yawo idakwera nawo makwerero onsewo. K920,000 ikutanthauza kuti afika cha m'ma 28 peresenti. Pa K38 miliyoni, 28 peresenti ndi pafupifupi K887,000 pamwezi ya chiwongoladzanja chokha. Onani, chiwongoladzanja chokhacho chaposa ndalama yonse yomwe ankapereka poyamba.

Malume Jere: Nthawi yathu tinkapita ku New Building Society, isanasanduke banki ya NBS mu 2004. Ukatenga ngongole ya nyumba unkadziwa kuti zaka zikamapita malipiro akwera, ngongole n'kupepuka. Masiku ano malipiro akukwawa, chiwongoladzanja chili pa njinga yamoto.

Phiri wa ku Joni: Asisi musaope kwambiri. Kuno bondi ikakanika banki singagulitse nyumba yomwe ukukhalamo popanda kupita ku khoti, jaji amayamba wamva mbali yako. Ndiye kalatayo ndi yongoopseza. Adikire samani.

Anambewe: A Phiri, kumeneko ndi choncho, koma musawapatse malangizo a ku Joni pa nyumba ya ku Area 49. Kuno malo olembetsedwa amayendera lamulo la Registered Land Act, ndipo gawo 68 limanena momveka. Munthu akalephera kulipira, n'kutha mwezi umodzi asanakonze, wokongoza atha kumupatsa notisi yolemba. Ikatha miyezi itatu chilandirireni notisiyo asanalipire, wokongoza atha kuika munthu wotolera lendi ya nyumbayo, kapena kuigulitsa. Safunika kuyamba wapempha khoti. Kalata yabwerayo ndi notisi imeneyo. Samani yomwe mukuti adikire mwina siibwera, chomwe chidzabwere ndi chithunzi cha nyumba yawo mu nyuzipepala.

Phiri wa ku Joni: Eee, ndiye kwathu n'kolimba. Ndabweza mawu.

Kondwa: Koma chiletso chilipo. Anthu amakatenga chiletso ku khoti okushoni n'kuima. Msuweni wanga adatero, nyumba akukhalamobe mpaka lero.

Anambewe: Chiletso chilipodi, sindikana. Koma khoti limafuna chifukwa. Ngati notisi sidaperekedwe, kapena adaitumiza kolakwika, kapena akufuna kugulitsa miyezi itatu isanakwane, pamenepo pali poimira. Koma kupita kukanena kuti ntchito idatha, ana ali pasukulu, si chifukwa choletsera banki kugwiritsa ntchito mphamvu yomwe munaipatsa nokha posaina. Ndipo chiletso chimaimitsa kugulitsa, sichiimitsa chiwongoladzanja. Msuweni wanuyo mumufunse kuti ngongole yake yafika pati pano.

Kondwa: Zimenezo satiuza. Koma nyumba akukhalamo, ine ndikuona zimenezo.

Mai a Tada: Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, koma ndilankhuleko chifukwa njira imeneyi ndidadutsamo. Yathu inali ku Chilomoni. Bambo a kunyumba bizinesi itagwa, makalata ankabwera, iwo n'kumawaika mu dirowa osatsegula. Foni ya ku banki ikaitana ankandipatsa ine kuti ndinene kuti achoka. Tinataya miyezi isanu ndi iwiri choncho. Tsiku lomwe ndidadziwa kukula kwa nkhani ndi pomwe kudabwera anthu awiri ndi tepi kudzayeza nyumba ndi kujambula. Mnzanga wa ku tchalitchi ndi amene adandiuza kuti pitani nokha mukapemphe kuti mugulitse nokha. Tidapita, ndidalira pamaso pa mwana wamng'ono wa msinkhu wa mwana wanga, koma adativomera masiku 60. Tidapeza wogula, banki idatenga zake, zotsala tidagula poloti ku Chileka n'kumanga ya zipinda ziwiri. Si yokongola ngati ija koma palibe amene amatiimbira foni. Chomwe ndimadandaula ndi miyezi ija ya mu dirowa, idatidyera ndalama zoti bwenzi titamangira mpanda.

Nachisale: Mai a Tada, mwangofotokoza achimwene anga ndendende. Kalata iyi ndaiona chifukwa alamu ndi amene adaipeza m'galimoto.

Koma kodi banki ingalole bwanji kuti ugulitse wekha chikhalirecho taitolo ili ndi chaji?

Anambewe: Zimachitika kawirikawiri, ndipo kwa banki n'kosavuta kuposa okushoni. Mumapempha kalata yonena ndalama yonse yotsekera ngongole pofika tsiku lakuti. Wogula salipira kwa inu, amalipira kwa loya. Loyayo amalonjeza banki molemba kuti ndalama zikalowa ayamba kupereka za ngongole. Banki ikalandira imafafaniza chaji, dzina limasinthidwa, zotsala loya amakupatsani. Ufulu woombola nyumba polipira zonse umakhalapo mpaka itagulitsidwa, ndiye ngakhale atalengeza kale mu nyuzipepala khomo silinatsekeke. Kungoti ndalama zolengezera ndi za maloya zimakhala zalowa kale pa mutu panu.

Tiyeni tiike manambala, ongoyerekeza, chifukwa nyumbayo sindinaione. Ngongole yeniyeni K38 miliyoni. Chiwongoladzanja cha miyezi isanu chosalipidwa, kuphatikizapo chilango cha kuchedwa, chikufikitsa pafupifupi K43 miliyoni lero. Miyezi itatu ya notisi ikatha idzakhala cha m'ma K46 miliyoni, chifukwa mwezi uliwonse ukuonjezera pafupifupi miliyoni. Tsono mwayi wa achimwene anu ndi woti adagula kwacha isanagwe. Idagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, simenti ndi malata zidakwera, mitengo ya nyumba idakwera nawo, koma ngongole yawo ili mu kwacha yomweyo. Tiyerekeze kuti nyumbayo lero ingagulidwe K85 miliyoni pamsika. Akagulitsa okha, achotse K45 miliyoni ya banki ndi K4 miliyoni ya ejenti, loya ndi misonkho ya khonsolo yotsalira, atsala ndi K36 miliyoni. Ikapita pa okushoni, ogula amabwera akudziwa kuti mwini wapanikizika. Tinene kuti yagulidwa K62 miliyoni. Zoyamba kuchotsedwa ndi zolipira pogulitsa ndi misonkho ya malo, tinene K5 miliyoni, kenako banki K46 miliyoni, ndipo ngati pali wina amene adalembetsanso chaji pambuyo pa banki nayenso amatenga. Atsala ndi K11 miliyoni. Nyumba yomweyo, kusiyana K25 miliyoni.

Kondwa: Ndiye kuti chenji amabweza? Ine ndimayesa akagulitsa zonse ndi zawo.

Anambewe: Amabweza, ndi lamulo. Ndipo muli ndi ufulu wofunsa chiwerengero chonse: yagulidwa zingati, achotsa chiyani ndi chiyani. Lamulo limanenanso kuti pogulitsa achite mokhulupirika ndi kuganizira mwini nyumba, sangaigulitse mtengo wa nkhuku kwa mnzawo. Koma kukatsimikizira khoti kuti adagulitsa motchipa dala ndi mlandu wautali, nyumba itapita kale.

Mbali inayo ndi yowawa. Ndalama za okushoni zikapanda kukwana, yotsalayo ikadali ngongole yanu. Munthu amataya nyumba n'kumatsatidwabe. Zimachitikira kwambiri amene adaika dipoziti yochepa, kapena amene adakoka nkhani zaka zambiri chiwongoladzanja chikuunjikana.

Malume Jere: Inshulansi bwanji? Ngongole zimenezi zimakhala ndi inshulansi, ndikukumbuka ankatidula mwezi ndi mwezi.

Anambewe: Zimakhala ziwiri, malume. Ina ndi ya nyumba, ikapsa kapena kugwa ndi mphepo. Ina ndi ya moyo, wokongola akamwalira imatseka ngongole kuti ana asathamangitsidwe, ndipo zina zimafikanso pa kulumala. Kutha kwa ntchito nthawi zambiri sikukhalamo pokhapokha zitalembedwa. Nachisale, kawerengeni pepala la inshulansi, sizitenga mphindi khumi. Ndipo mufunse ngati ikulipidwabe, chifukwa munthu akasiya kulipira ngongole nthawi zina inshulansi imaima nayo, ndiye kukagwa zovuta banja limadzidzimuka kawiri.

Phiri wa ku Joni: Bwanji osapempha kuti awonjezere zaka? Kuno anthu amatero, ya zaka 20 amaipanga 30, ndalama ya pamwezi n'kutsika.

Anambewe: Kupempha apemphe, koma asayembekezere zambiri. Njira imeneyo imagwira kumene chiwongoladzanja chili chotsika. Pa 28 peresenti, K38 miliyoni pa zaka 12 zotsalazo ndi K920,000 pamwezi. Mukaitambasula kufika zaka 20 imabwera pa K890,000. Zaka zisanu ndi zitatu zoonjezera, kupepukidwa ndi K30,000 yokha. Chifukwa chake ndi chija ndanena, K887,000 ndi chiwongoladzanja, ndipo chimenecho zaka sizichichotsa. Chomwe chimatsitsa ndi kudula ngongole yeniyeniyo ndi ndalama yambiri nthawi imodzi. Ngati adalandira ndalama zowatsanzika ku ntchito, kapena ali ndi galimoto kapena poloti ina, kumeneko ndiye koyang'ana.

Nachisale: Za ku ntchito zidapita ku fizi ndi kudya. Galimoto ilipo koma yakale, mwina K7 miliyoni.

Malume Jere: K7 miliyoniyo ikwana kutseka miyezi isanu yotsalirayo. Agulitse galimoto, notisi ife, asamuke akakhale ya lendi yotchipa ku Mtandire kapena ku Mgona, nyumbayo aikemo munthu. Nyumba sagulitsa, ana anga. Ukagulitsa lero sudzaigulanso, mitengo ikuthamanga. Ine ya ku Chimwankhunda ndidaigwira ndi mano nthawi yovuta, lero ndi imene ikundidyetsa.

Mai a Tada: Malume, lendi ya ku 49 ingafike K920,000? Nachisale, nyumba zoyandikana nazo akulipiritsa zingati?

Nachisale: Ya pafupi nawo, yofanana, akuti K450,000.

Mai a Tada: Ndiye mwezi uliwonse pazisowa K470,000, kuonjezapo lendi ya komwe asamukireko, munthu wosagwira ntchito. Galimoto ipita, pakatha miyezi inayi kalata ina ibwera.

Malume Jere: Ntchito ipezeka. Munthu adakwanitsa kupatsidwa K40 miliyoni si munthu wamba, ali ndi mapepala ake. Ndipo chiwongoladzanja sichidzakhala pamwamba mpaka kale.

Anambewe: Apa sindingagamule, zonse ziwiri zili ndi nzeru. Malume akunena zoona kuti nyumba ikusunga mtengo kuposa kwacha ya m'manja. Ngati pali ntchito yooneka, osati yongoyembekeza, ndipo alamu ali ndi malipiro otseka mpatawo kwa miyezi ingapo, kugwira kuli ndi phindu. Ngati palibe, mwezi uliwonse wodikira ukudya miliyoni pa K36 miliyoni ija. Ndingoti adziikire tsiku. Akafika tsiku limenelo ntchito isanapezeke, agulitse okha. Ndipo chilichonse chomwe agwirizane ndi banki chilembedwe, makamaka ngati notisi yaimitsidwa. Mawu a pakamwa a wa ku banki oti musadandaule bambo saimitsa miyezi itatu ija.

Che Saidi: Kuli anyamata ena amakongoza msanga, tsiku lomwelo, osafuna taitolo. Angatenge K5 miliyoni kumeneko atseke kaye banki.

Mai a Tada: Che Saidi, chonde. Katapila wa pamwezi kuti ulipire ngongole ya pachaka? Ife tidayesako K800,000, idatidyera firiji ndi mipando.

Nachisale: Nanga za nyumba ya amayi ija? Palibe wayankha, ndipo Loweruka achimwene akupita ku Zomba kukawanyengerera. Amayi ndi munthu woti mwana wawo akalira amasaina chilichonse.

Anambewe: Ndimaisunga dala kuti muyambe mwaona manambala. Funso ndi loti, chikole china chikuchiza matenda ati? Banki chikole ili nacho kale chokwana, nyumba ya K85 miliyoni pa ngongole ya K43 miliyoni. Chomwe chikusowa ndi ndalama ya pamwezi, ndipo nyumba ya amayi siibweretsa ndalama imeneyo. Chomwe ingachite ndi kupangitsa banki kudekha, kapena kuwapatsa ngongole ina yotsekera yoyambayo, ngongole n'kukula. Amayi akasaina, pa taitolo yawo palembedwa chaji ngati yomweyi. Gawo 68 lomwe lija liwakhudza iwonso: notisi, miyezi itatu, kugulitsa. Zoti sadadyeko ndalamayo, kapena kuti ndi okalamba, sizidzawerengedwa. Ndidaonapo agogo atakhala pa benchi ya ku banki ndi kalata m'manja akufunsa kuti kodi si umboni chabe umene ndidasainira. Pakali pano choipitsitsa chomwe chingachitike ndi kutaya nyumba imodzi n'kutsala ndi chenji. Akalowetsa ya ku Zomba, zitha kupita ziwiri, ndipo kothawira kudzakhala kulibe.

Komanso taitolo ya ku Zombayo ili m'dzina la yani?

Nachisale: La malemu bambo. Adamwalira 2017, sitidasinthe.

Anambewe: Ndiye amayi paokha sangaikoleke n'komwe. Ndi chuma cha masiye. Pafunika kaye makalata a ku khoti osankha woyendetsa chumacho, ndipo ngati bambo sadasiye wilo, ana nonse muli ndi gawo pamodzi ndi amayi. Zimenezo kutha m'miyezi itatu n'kovuta, ndipo inuyo muli ndi pakamwa pokana.

Kondwa: Apo ndiye mwapulumukira pa ulesi wosasintha dzina.

Malume Jere: Pa ya amayi ndikugwirizana nawo Anambewe, isakhudzidwe. Koma ya ku 49 ndikanali pomwepo, asagulitse.

Nachisale: Ndawaimbira alamu. Akuti iwo atha kumapereka K300,000 pamwezi kuchokera ku malipiro awo, osaposa apo. Achimwene akuti pali kampani ina yawaitana ku intavyu sabata ya mawa, koma ndi kachitatu tsopano kuitanidwa chotere. Ndawauza kuti Lolemba tipite limodzi ku banki tikatenge chiwerengero chotsekera ngongole ndi pepala la inshulansi, ndipo ulendo wa ku Zomba auiwale. Za ku Zombazo sadayankhe, angoti tionana.

Anambewe, miyezi itatu ija timawerenga kuyambira tsiku lomwe lalembedwa pa kalata kapena lomwe adailandira? Chifukwa pa kalata palembedwa 3, koma alamu akuti adaipeza m'galimoto pa 19, ndipo achimwene sakunena kuti idawafika liti.

Anambewe: Lamulo limawerenga kuyambira tsiku lomwe yaperekedwa kwa iwo, koma ngati idadzera pa positi mgwirizano umatha kunena tsiku lomwe imatengedwa kuti yafika. Funsani maloyawo umboni wa tsiku lomwe adaipereka, mukaonetse loya wanu pamodzi ndi pepala la chaji. Pakadali pano inu werengerani kuyambira pa 3.